SITALAKA NDI BUNGWE LA ANCHITO KU MIGODI YA MKUWA

Munthu wolembedwa nchito ku munda wa mnzace angathe kupita kwa mwini munda ndi kunena naye za malipiro ace, pakuti adziwana maso ndi maso. Koma ku mgodi sikutero. Anchito ali zikwi zambiri, ndipo eni ace a mgodi kawiri-kawiri akhala kutari, kutsidya kwa nyanja. Munthu mmodzi akadandaula, amcotsa nchito tsiku lomwelo, ndipo m'mawa mwace wina alowa m'malo mwace. Nanga anthu otere angamveke bwanji?

M'phunziro ili tidzaona mmene anchito a ku migodi ya mkuwa m'dziko lathu anayankhira funso limeneli. Zimene tidzawerenga zinacitika pakati pa caka ca 1935 ndi caka ca 1966. Pa zaka zambiri za nthawi imeneyo dziko lathu linali kuchedwa Northern Rhodesia, ndipo linali m'manja mwa Boma la Angelezi.

Poyamba tidziwe mau awiri. Sitalaka ndiko kuleka nchito kwa anthu ambiri pamodzi, atapangana, kufikira eni nchito atamva dandaulo lao. Ena ati kunyanyala nchito. Bungwe la anchito, limene ambiri alicha yuniyoni, ndilo gulu la anthu a nchito imodzi amene asankha atsogoleri ao, nasonkha ndalama mwezi ndi mwezi, kuti atsogoleriwo aziwalankhulira kwa eni nchito.

Moyo wa m'komboni

Migodi inai yaikuru inatsegulidwa motsatana. Wa Roan Antelope ku Luanshya unayamba kuturutsa mkuwa mu 1931, wa Nkana ku Kitwe mu 1932, wa Mufulira mu 1933, ndipo wa Nchanga ku Chingola unatsatira pambuyo pace. Amuna anafika kucokera ku mbali zonse. Ambiri anali Abemba, koma kunalinso Alozi, Aluvale, Ansenga, Acewa ndi Angoni, pamodzi ndi anthu a ku Nyasaland ndi ku Tanganyika. Cimene cinawacotsa ambiri ku midzi cinali msonkho, cifukwa Boma linali kufuna ndalama, ndipo ku mudzi ndalama zinali zosowa.

Munthu akalembedwa nchito anali kulandira tikiti la masiku 30. Tsiku liri lonse akaweruka, kapitao anali kulemba cizindikiro pa tikitilo, ndipo likadzaza munthuyo anali kulandira malipiro ace. Tsiku limene sanagwire nchito silinali kuwerengedwa. Motero tikiti limodzi linali kutenga nthawi yoposa mwezi.

Ndalama za masiku aja sizinali kwaca ndi ngwee ai. Zinali mapaundi, masheleni ndi mapeni. Mapeni 12 anali sheleni imodzi, ndipo masheleni 20 anali paundi imodzi. Mugwire bwino zimenezi, cifukwa tidzawerengera nazo.

Mu 1935 munthu woyamba nchito pamwamba pa mgodi anali kulandira masheleni 12 ndi mapeni 6 pa tikiti. Mukagawa ndalama izi ndi masiku 30 mudzapeza mapeni 5 pa tsiku. Wolowa pansi, kumene kuli mdima, kutentha ndi miyala yakugwa, anali kuyamba ndi masheleni 22 ndi mapeni 6, ndiwo mapeni 9 pa tsiku. Kampani inali kupatsanso anthu phoso, monga ufa, nyemba, mcere ndi nyama pang'ono, ndiponso kanyumba m'komboni. Mzungu wa pa mgodi womwewo anali kulandira pa tsiku limodzi ndalama zoposa zimene woyamba nchito wa pamwamba anali kulandira pa tikiti lathunthu.

Madandaulo analipo ambiri: malipiro ocepa, phoso losakwanira, kutukwanidwa ndi kumenyedwa pa nchito. Koma njira yowafikitsira kwa eni mgodi inali yopapatiza. Kuyambira mu 1931 makampani anakhazika akulu a mitundu m'makomboni. Mtundu uli wonse unali kusankha mkulu wace, ndipo iye anali kuweruza milandu yaing'ono ndi kupereka mau kwa Mzungu woyang'anira komboni. Akuluwa anali kuthandiza pa maliro, pa ndeu za m'nyumba ndi pa kulandira alendo a kwao. Koma za malipiro sanathe kunenapo mwamphamvu, pakuti kampani yomweyo ndiyo inawapatsa ulemu, nyumba zabwinopo ndi cakudya coonjezera. Ndiponso malipiro sasankha mtundu. Mbemba ndi Mcewa okumba pa malo amodzi anali ndi dandaulo limodzi, koma analibe mkamwa umodzi wolinenera.

Sitalaka yoyamba, 1935

M'mwezi wa Meyi 1935 Boma linakweza msonkho wa anthu a ku migodi kucokera pa masheleni 12 ndi mapeni 6 kufika pa masheleni 15. Tiyeni tiwerengere. Kukwerako kunali masheleni 2 ndi mapeni 6, ndiwo mapeni 30. Kwa munthu wa mapeni 5 pa tsiku, imeneyi inali nchito ya masiku 6. Msonkho wonse wa masheleni 15 unali nchito ya masiku 36, kuposa tikiti lathunthu. Ndipo zaka zocepa m'mbuyomo, pamene malonda a mkuwa anagwa pa dziko lonse lapansi, makampani anali atacepetsa kale malipiro ndi kucotsa anthu zikwi zambiri.

Mau a msonkho sanafike mwaulemu. Ku Mufulira apolisi a mgodi anangoyenda m'komboni ndi kulengeza mopfuula. Anthu anakwiya, naleka nchito. Posacedwa a ku Nkana analekanso, ndipo pambuyo pace a ku Luanshya. Mbiri inayenda msanga ndi makalata ndi anthu a pa njira, ndiponso ndi magulu a gule wa Mbeni, amene anali ndi atsogoleri ao m'makomboni.

Ku Mufulira ndi ku Nkana sitalaka inatha popanda imfa. Ku Luanshya zinaipa. Pa 29 Meyi khamu lalikuru linasonkhana pa ofesi ya komboni. Panalibe munthu amene onse akanamvera. Akulu a mitundu aja, amene Azungu anayesa kuti adzatontholetsa anthu, anaonedwa ngati a mbali ya kampani, ndipo ena a iwo anathawira m'ofesi momwemo. Anthu anaponya miyala, apolisi anaomba mfuti, ndipo anchito 6 anafa, ena ambiri nabvulala.

Anthu anabwerera ku nchito opanda kanthu m'manja. Boma linaika akuluakulu ofufuza, motsogozedwa ndi Sir Alison Russell, ndipo iwo anapeza kuti msonkho unalengezedwa moipa. Koma malipiro sanakwere. Cimene sitalaka imeneyi inaonetsa ndi ici: anthu a mitundu yosiyana angathe kuleka nchito pamodzi, ndipo akatero mgodi uima. Cimene cinasowa ndi atsogoleri odziwika, onena cimene anthu afuna ndi kuwabweza pamene mtima wapsa.

Sitalaka yaciwiri, 1940

Azungu a pa migodi anapanga bungwe lao mu 1936. Pamene nkhondo yaikuru yaciwiri inayamba mu 1939, Angelezi anafuna mkuwa wambiri wopangira zida, ndipo mitengo ya zinthu m'masitolo inakwera. M'mwezi wa Marici 1940 Azungu a ku Mufulira ndi ku Nkana analeka nchito, ndipo patapita masiku owerengeka anapatsidwa zambiri za zimene anapempha. Palibe amene anawaombera mfuti.

Anthu akuda anaona zonsezi. Makampani anawalonjeza masheleni 2 ndi mapeni 6 pa tikiti, ndiko kuti peni imodzi pa tsiku. Iwo anakana, naleka nchito ku migodi iwiri yomweyo. Ena anapempha masheleni 5 pa tsiku, ena 10. Ananenanso kuti ngati eni mgodi akayika, alole anthu akuda agwire okha nthawi imodzi ndi Azungu okha nthawi yina, kuti cioneke amene aturutsa mkuwa ndani.

Tsono taonani kusiyana kwa migodi iwiriyi. Ku Mufulira anchito anasankha amuna 17 a mitundu yosiyana kuti atsogolere sitalaka ndi kulankhula ndi akulu a Boma. Amunawa anasunga mtendere m'komboni, ndipo palibe amene anaphedwa. Ku Nkana utsogoleri sunali wolimba cotero. Pa 3 Epulo anthu ena amene sanaleke nchito anaima pa mzere kuti alandire malipiro ao, ndipo khamu la onyanyala linafika kudzawaletsa. Apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi, anthu anaponya miyala, ndipo asilikari anaomba mfuti. Anthu 17 anafa, ndipo oposa 60 anabvulala.

Anafikanso ofufuza, tsopano motsogozedwa ndi Sir John Forster. Malipiro anakwera pang'ono, ndipo zina za phoso ndi zobvala za pa nchito zinakonzedwa. Ofufuzawo ananenanso kuti anthu akuda ayenera kupatsidwa nchito zapamwamba. Koma bungwe la Azungu linali lamphamvu, ndipo m'zaka za nkhondo linapangana ndi makampani mapangano otseka njira imeneyo. Munthu wakuda, ngakhale adziwe nchito kuposa Mzungu womuyang'anira, sanaloledwe kukwera. Limeneli ndilo linali tsankho la khungu pa nchito.

Kubadwa kwa bungwe

Nkhondo itatha, Boma latsopano la ku Mangalande linaganiza kuti nkwabwino anchito a m'maiko olamulidwa ndi Angelezi akhale ndi mabungwe odziwika, kusiyana ndi kuti mkwiyo wao uzibuka mwadzidzidzi. Mu 1947 linatumiza William Comrie, munthu wa ku Scotland wodziwa za mabungwe, kuti aphunzitse anchito mayendetsedwe ace. Koma Comrie sanapeze anthu ali m'tulo. Makapitao a pansi pa mgodi ndi alembi a m'maofesi anali kale ndi timagulu tao, ndipo ambiri anali kukumbukira za 1935 ndi 1940.

Mu 1948 mabungwe anapangidwa pa mgodi uli wonse, kuyambira ku Nkana. Mu 1949 anaphatikizana nakhala bungwe limodzi la anchito akuda a ku migodi ya Northern Rhodesia. Mtsogoleri wace woyamba anali Lawrence Katilungu, amene anakhalapo mphunzitsi, nagwirapo nchito pansi pa mgodi, ndipo pambuyo pace anali womasulira mau ku Nkana. Mlembi wamkuru anali Simon Kaluwa. Caka comweco makampani anasaina cipangano cobvomereza kuti bungweli ndilo mkamwa wa anchito.

Kodi bungwe linabweretsa ciani cimene kale kunalibe? Tingachule zinthu zitatu.

Coyamba ndi atsogoleri osankhidwa ndi anchito eni ace. Mgodi uli wonse unali ndi nthambi yace, ndipo nthambi inali kucita misonkhano poyera, kumene munthu ali yense anali kumva nkhani ndi kunenapo. Mtsogoleri wosakondweretsa anthu akanatha kucotsedwa pa cisankho cotsatira. Kampani sinamuike, conco sakanaopa kuti idzamlanda udindo.

Caciwiri ndi thumba la ndalama. Poyamba membala ali yense anali kusonkha mapeni 6 pa mwezi. Ndalama zocepa zotere, zikacokera kwa anthu zikwi zambiri, zikwanira kulipira alembi, kusindikiza makalata, kuyendera nthambi zonse, ndi kulemba nchito anthu odziwa malamulo kuti akaimire bungwe pa mlandu.

Cacitatu ndi njira yoyendetsera dandaulo. Tinene kuti munthu wacotsedwa nchito popanda cifukwa comveka. Kale akanangomanga katundu wace. Tsopano anali kupita kwa mlembi wa nthambi, ndipo mlembiyo anali kukaonana ndi woyang'anira anchito wa kampani. Zikakanika pamenepo, nkhani inali kukwera kwa mkulu wa mgodi, ndipo ikakhala yokhudza migodi yonse, atsogoleri a bungwe anali kukumana ndi oimira makampani onse. Akalephera kumvana, Boma linali kutumiza munthu wowayanjanitsa. Sitalaka inali kudza pambuyo pa zonsezi, ndipo mamembala anali kuyamba aponya voti kuti aonetse ngati aifunadi.

Sitalaka ya 1952

Tsopano tione mmene njira imeneyi inagwirira nchito pa nkhani imodzi.

Mu 1952 mtengo wa mkuwa unali wokwera kwambiri, cifukwa kunali nkhondo ku Korea ndipo maiko akulu anali kugula mkuwa wambiri. Makampani anali kupindula kuposa kale. Bungwe linapempha kuti munthu ali yense aonjezeredwe masheleni 2 ndi mapeni 8 pa tsiku. Pa tikiti la masiku 30 amenewa ndi masheleni 80, kapena kuti mapaundi 4. Makampani anati nzocuruka, nalonjeza zocepa kwambiri. Anakambirana, koma sanamvane. Woyanjanitsa analepheranso. Pamenepo mamembala anaponya voti, ndipo ambiri ndithu anabvomera sitalaka.

Pa 20 Okutobala 1952 anchito oposa 30,000 analeka nchito pa migodi yonse inai. Sitalaka inakhala masabata atatu. Akulu a Boma, pokumbukira zakale, anayembekeza cipolowe. Koma cipolowe sicinaoneke. Atsogoleri anali kuitana misonkhano ndi kuuza anthu mmene nkhani iri kuyendera, kotero kuti mphekesera zinasowa malo. Anali kuwalangiza kuti akhale cete ndi kupewa ndeu. Palibe mfuti inalira, ndipo palibe munthu anaphedwa.

Mwina mufunsa kuti, nanga kukhala cete kungakakamize bwanji kampani yolemera? Yankho lace liri m'cikhalidwe ca mgodi. Mgodi udya ndalama ngakhale pamene suturutsa kanthu. Pansi pace pamakhala madzi ambiri, ndipo makina owapopa ayenera kuyenda usana ndi usiku, apo ai mgodi umira. Azungu olembedwa nchito anayenera kulipidwa, ndiponso ogula mkuwa kunja anali kudikira katundu wao. Tsono tsiku liri lonse la sitalaka kampani itaya phindu lalikuru, makamaka pamene mtengo wa mkuwa uli wokwera. Anchito nawonso ataya malipiro a masikuwo, ndipo ana ao amva njala. Sitalaka iri ngati anthu awiri ogwira mpweya: apambana ndi amene akhoza kupirira nthawi yaitali. Cifukwa ca ici bungwe lanzeru silifuna kuononga mgodi, pakuti ndiwo munda umene anthu ace adzabwererako. Lifuna kungoonetsa kuti popanda manja a anchito, mwala sukwera pamwamba.

Pomariza mbali zonse ziwiri zinabvomera kupereka mlandu kwa woweruza wapadera, wosakhala wa kampani kapena wa bungwe, ndipo anthu anabwerera ku nchito podikira ciweruzo. Woweruzayo anali C. W. Guillebaud, mphunzitsi wa za cuma wa ku Cambridge. Iye anamva mboni za mbali zonse, nayang'ana phindu la makampani ndi mitengo ya zinthu zimene banja la wanchito ligula. Mu Januwale 1953 anagamula kuti malipiro akwere ndi sheleni imodzi ndi mapeni 2 pa tsiku kwa a nchito zapansi, kufikira sheleni imodzi ndi mapeni 8 kwa a nchito zapamwamba.

Tiwerengerenso. Sheleni imodzi ndi mapeni 2 ndiwo mapeni 14. Pa masiku 30 akwana mapeni 420, ndiwo masheleni 35. Sheleni imodzi ndi mapeni 8 ndiwo mapeni 20, ndipo pa masiku 30 akwana mapeni 600, ndiwo masheleni 50. Bungwe linapempha masheleni 80, ndipo linalandira 35 kufikira 50. Silinapate zonse. Koma kumbukirani kuti mu 1940 anthu analonjezedwa peni imodzi pa tsiku, ndipo anthu 17 anafa. Mu 1953 wolandira zocepa koposa anaonjezeredwa mapeni 14 pa tsiku, popanda mwazi kukhetsedwa.

Miyezi yocepa pambuyo pace anchito anafunsidwa ngati afunabe akulu a mitundu kuti aziwaimira. Pafupi-fupi onse amene anaponya voti anati iai. Pa nkhani za nchito, anthu tsopano anadziona ngati anchito a mgodi poyamba, ndipo za mtundu zinatsala ku maliro ndi ku maukwati.

Pamene sitalaka ilephera

Musayese kuti sitalaka ipambana nthawi zonse. Mu Januwale 1955 bungwe lomweli linaitananso sitalaka, lofuna masheleni 10 ndi mapeni 8 pa tsiku. Inakhala masiku 58, koma anthu sanapate cimene anapempha. Zifukwa zace ziri zoyenera kuzidziwa.

Coyamba, pempho linali lalikuru kwambiri, ndipo makampani anatsimikiza mtima kuti salola. Caciwiri, bungwe linali litafoka. Linali litakweza copereka ca mwezi, ndipo makampani analeka kulithandiza kudula ndalamazo pa malipiro a anthu, motero ambiri analeka kusonkha, ndipo thumba linapepuka. Cacitatu, anchito sanalinso amodzi. Alembi, makapitao akulu ndi ena olandira bwino anali atayamba bungwe lao lapadera. Cacinai, kunja kwa mipanda ya migodi kunali amuna ambiri ofuna nchito. Makampani analengeza kuti onyanyala acotsedwa, nayamba kulemba anthu atsopano, ndipo Azungu anapitiriza kugwira nchito. Mkuwa sunaleke kuturuka konse. Pomariza bungwe linangopempha kuti anthu ace abwezedwe pa nchito zao, ndipo anabwezedwa.

Apa tiona mmene munthu angadziwire ngati sitalaka iri ndi mphamvu. Afunse mafunso awa: Kodi anchito onse ali pamodzi? Kodi ali naco cakudya ca masiku ambiri? Kodi eni nchito angapeze msanga anthu ena odziwa nchitoyo? Kodi katundu ali kugulidwa pa mtengo wabwino, kotero kuti kuima kwa nchito kuwawa eni ace? Mu 1952 mayankho ambiri anakomera anchito. Mu 1955 mtengo wa mkuwa unali wokwerabe, koma mayankho enawo anali atasintha.

Panalinso mphamvu ya Boma. Mu 1956, pokangana ndi bungwe lija la olandira bwino, anchito anacita masitalaka aafupi otsatana, mgodi uwu lero, wina mawa. Mu Seputembala Boma linalengeza nthawi ya ngozi ku dera la migodi, ndipo linagwira atsogoleri ambiri a bungwe popanda kuwazenga mlandu. Ena a iwo anapirikitsidwa ku migodi natumizidwa ku madera a kwao. Bungwe silinafe, koma linatenga nthawi kuti lilimbenso.

Zimene zinatsala

Ngakhale panali kugwa kotere, zinthu sizinabwerere pakale. Mu 1955 makampani ndi bungwe la Azungu anabvomera kuti mitundu 24 ya nchito, imene kale inali ya Azungu okha, ipatsidwe kwa anthu akuda. Unali mng'alu woyamba m'khoma la tsankho, ngakhale khomalo linatenga zaka zambiri kuti ligwe. Katilungu sanaone mapeto ace, pakuti anafa pa ngozi ya galimoto mu 1961.

Dziko lathu linalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, koma malipiro a ku migodi anali osiyanabe kwambiri pakati pa anthu a kunja ndi eni dziko. Mu 1966 anchito ananyanyalanso, ndipo Boma la Zambia linaika ofufuza motsogozedwa ndi Roland Brown. Iwo anati malipiro a anchito a Zambia akwere ndi magawo 22 pa 100 ali onse, ndiko kuti wolandira masheleni 100 alandire 122. Mu 1967 mabungwe a anchito a ku migodi anaphatikizana nakhala Mineworkers' Union of Zambia, ndipo nyumba ya likulu lace ku Kitwe inachedwa dzina la Katilungu.

Tikaika pamodzi zonse zimene anthu aja anapata m'zaka 30, tipeza izi: ufulu wopanga bungwe ndi kusankha atsogoleri, ufulu wokhala pa tebulo limodzi ndi eni nchito pokambirana za malipiro, njira yodandaulira munthu akacotsedwa nchito mosayenera, ndi mwai wokwera pa nchito monga mwa nzeru zace, kosayang'ana khungu. Anchito a pa njanji, a m'masitolo ndi a zomangamanga anali kupanganso mabungwe ao m'zaka zomwezo, ndipo onse anali kuyang'ana ku migodi, cifukwa kumeneko ndiko kunali gulu lalikuru koposa.

Makolo athu anati mutu umodzi susenza denga. Amuna a ku Luanshya mu 1935 analipo ambiri, koma denga linawagwera, cifukwa panalibe wowauza pogwira ndi nthawi yonyamula. A mu 1952 analinyamula, nalikhazika pa nyumba.

Mafunso

1. Kodi tikiti linali ciani, ndipo cifukwa ninji linali kutenga nthawi yoposa mwezi kuti lidzaze?

2. Munthu wolandira mapeni 9 pa tsiku anayenera kugwira nchito masiku angati kuti apeze msonkho wa masheleni 15?

3. Cifukwa ninji akulu a mitundu sanathe kuimira anchito pa nkhani ya malipiro?

4. Fotokozani kusiyana kwa zimene zinacitika ku Mufulira ndi ku Nkana mu 1940.

5. Chulani makwerero amene dandaulo linali kudzeramo sitalaka isanaitanidwe.

6. Lembani zifukwa zitatu zimene sitalaka ya 1952 inapambanira, ndi zitatu zimene ya 1955 inalepherera.

7. Jambulani mapu a dera la migodi, ndipo muonetsepo Luanshya, Kitwe, Mufulira ndi Chingola.